Mtengo wa aneba ukuwononga malata ndi ngalande: ndiwauze bwanji?

*Ndimakhala ku Mangochi Boma m'nyumba yomwe tinamanga tokha. Aneba athu ali ndi mtengo waukulu wa mango pafupi ndi mpanda, pambali pake palinso nimu. Nthambi za mango zagonera padenga pathu, mphepo ikamawomba malata amachita kulira, ndipo chipinda cha ana chayamba kudontha. Ngalande ya kuseri yang'ambika, payipi ya kubafa nayo ikumatsekeka pafupipafupi. Anebawo ndi bambo achikulire ndipo takhala nawo bwino zaka zonsezi. Amuna anga akuti tingodula usiku. Ine udani sindikuufuna. Ndiyambe bwanji?*

Mayi, choyamba auzeni bambo akunyumbawo kuti chikwanje achibweze pomwe anachitenga. Ine ntchito yanga ndi yomanga nyumba ndi kuyala mapayipi, ndipo pa zaka zomwe ndagwira ntchitoyi kuno kunyanja ndaitanidwapo kangapo kwa amfumu kuti ndikafotokoze ngati mtengo ndiwodi wawononga nyumba ya munthu. Nkhani zomwe ndinaziona zikufika poipa zinayamba mofanana. Wodandaula ankapita kwa mnzake ndi mawu akuti "dulani mtengo wanu", asanadziwe kuti nthambi yolakwa ndi iti, muzu wolakwa ndi uti. Munthu wa ku Mangochi ukamuuza zodula mango, iye amaona dzuwa la mu Okutobala likumuwotcha pakhonde pake, amaonanso ndalama ya mango ya mu Disembala ikupita. Amakana asanamve n'komwe za denga lanulo. Ndiye musanakapange odi kwa anebawo, yambani mwagwira ntchito kwanu, kuti mukapite ndi pempho laling'ono lomwe mungathe kuloza ndi chala.

Pezani mmisiri kapena mnyamata wosamala akwere padenga m'mawa, dzuwa lisanatenthetse malata. Aziponda pomwe pali mzera wa misomali, chifukwa pansi pake m'pomwe pali thabwa. Nthambi yomwe imakhula lata imasiya chizindikiro chosabisika: pamakhala malo osalala ngati akwechedwa ndi mchenga, opindika ngati uta motsatira momwe nthambiyo imayendera ikamakankhidwa ndi mwera. Pamenepo zinki, chija chimateteza lata, amakhala atatha, ndipo mvula ikangogwa dzimbiri limayambira pomwepo. Malata opyapyala a geji 32 sachedwa kubooka akafika pamenepa, a geji 28 amapirirako. Aonenso misomali yoyandikana ndi nthambiyo. Nthambi yolemera ikamakankha lata n'kulisiya, kukankha n'kulisiya, msomali umadzuka pang'onopang'ono, bowo lake n'kukula, ndipo madzi ambiri odontha m'nyumba amalowera pamenepo. Chachitatu ndi masamba. Masamba a mango ndi okhuthala, saola msanga. Akaunjikana pomwe madenga awiri akumana kapena m'gata, amasunga chinyezi masiku ambiri mvula itasiya, ndiponso amatseka njira ya madzi mpaka madziwo kubwerera pansi pa lata.

Koma wokwerayo asatsike asanaone mbali ina ya denga, yomwe mtengo sufikako. Ngati uko nakonso kuli dzimbiri lofanana, ndiye kuti malata angokalamba, mtengo wangothandizira. Ngati amene anakhoma denga ankakhoma misomali m'chigwa cha lata m'malo mwa pamsana, nyumbayo ikanadonthabe ngakhale pakanapanda mtengo. Izi muzidziwe nokha msanga, chifukwa anebawo akadzabwera ndi mmisiri wawo adzaziona, ndipo mukadzapezeka kuti mwakokomeza pa chimodzi, zonse zomwe munena adzazikayikira. Jambulani pafoni malo okhulikawo, misomali yodzukayo, ndi denga la m'kati pomwe pali dontho. Tsiku la mphepo jambulaninso kanema wamfupi nthambi ikukhula, phokoso lake limveke.

Nkhani ya payipi ndi yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa m'pomwe anthu ambiri amanamizira mtengo, kapena kunamizira mtengo wolakwika. Muzu suboola payipi yapulasitiki yomwe ili bwinobwino. Umalowera pomwe pali kale mpata: polumikizira pomwe guluu sanagwire, pomwe payipi inasweka galimoto itapondapo, kapena pakamwa pa manihole pomwe simenti inagumuka. Taganizani, kuchokera mu Meyi mpaka mu Novembala dothi lathu lamchengali limauma gwa, ndipo malo okhawo onyowa pabwalo ponse ndi pomwe payipi yanu ya kubafa ikuchucha timadontho tsiku ndi tsiku. Timizu tating'ono ngati tsitsi timakula kwambiri pachinyezipo, n'kulowa pampatawo. M'kati mwa payipi timapeza madzi ndi chakudya, timachulukana n'kukhala ngati chinkhupule, kenako timakola tsitsi, mafuta ndi zotsalira za sopo mpaka njira kutsekeka. Muzu ukamanenepa umakulitsanso mpata uja.

Mungadziwe bwanji kuti ndi mizu osati nsanza kapena mchenga? Payipi ya mizu imatsekeka pang'onopang'ono. Madzi amayamba kuchedwa kutsika, pobowo pamamveka kubwibwita, mukaitokosa ndi waya imatseguka, koma pakapita miyezi iwiri kapena itatu yatsekekanso pamalo omwewo. Wayayo akamatuluka amabwera ndi timizu kunsonga. M'chilimwe, yang'anani pamwamba pomwe payipi inadutsa: pakapezeka kadera ka udzu wobiriwira pomwe ponse pali fumbi, kumbani pamenepo.

Ngalande yasimenti yapamtunda imadziulula yokha. Ikakhala kuti yatukuka pamalo amodzi, mbali ina yakwera kuposa inzake, pansi pake pali muzu womwe ukunenepa. Ikakhala kuti yatitimira, ndiye kuti madzi anakokolola dothi la pansi kapena omanga sanatsendere bwino, ndipo mtengo ulibe mlandu.

Mukaupeza muzuwo musaudule. Fukulani dothi moutsatira, mbali yomwe ukunka nunenepa ndi komwe ukuchokera. Mizu yambiri ya mtengo imayenda pamtunda, m'masentimita 60 oyambirira a dothi, ndipo imafika kutali kuposa pomwe mthunzi walekezera, nthawi zina kuwirikiza kawiri kapena katatu. Choncho mtengo womwe uli pafupi kwambiri si nthawi zonse umakhala mwini muzuwo. Ungathe kukhala wa aneba ena, ungathenso kukhala wanu womwe. Palani khungwa la muzuwo pang'ono chapatali ndi payipi. Wa kachere kapena mkuyu umatuluka utomoni woyera ngati mkaka, ndipo mitengo imeneyo ndiyo akatundu pa nkhani yolowa m'mapayipi. Wa nimu umawawa ngati masamba ake, ngakhale sindikukutumani kuti mukalawe muzu wotuluka m'madzi a kubafa. Kuutsatira ndi khasu mpaka pampanda n'kokwanira.

Ndikuuzeni za nyumba ina yomwe ndinagwirako ntchito cha kuno ku Boma komwe, chifukwa ikufanana ndi yanu. Eni ake anali atakwiya kale ndi mango wa aneba, womwe tsinde lake linali mamita 4 kuchokera pakhoma, ndipo ankafuna ugwe. Nditakwera padenga ndinapeza kuti pa nthambi zonse zogonera kwawo, zokhudza malata zinali zitatu zokha, ndipo malata owonongekadi anali anayi. Titakumba payipi ya mainchesi 4 yochokera kubafa, tinapeza mizu yadzaza pomwe payipi imakhota, pa chigongono chomwe woyala woyamba anangolowetsa osapaka guluu. Titautsatira muzuwo sunapite kwa mango. Unakhotera kwa nimu wina wosaoneka bwino womwe unamera wokha pangodya ya mpanda. Mwini wake atabwera kudzaona anaseka, amvekere: "Uyu ndiye sindinamubzale ine, mbalame ndi zomwe zinamubweretsa." Nimuyo anamuchotsa sabata yomweyo, ndipo ndinawauza azule ndi chitsa chomwe, poti nimu ukangomudula amaphukiranso ndipo mizu imakhalabe ya moyo. Nthambi zitatu zija anadula mdzukulu wa anebawo, nkhuni zinapita kwa mwini mtengo. Wodandaulayo anagula payipi imodzi ya mamita 6, chigongono ndi guluu, poti kulakwa kwa polumikizira kunali kwake. Pa malata anayi aja anagawana pawiri. Mango uja alipobe, ndipo ana a nyumba zonse ziwiri amadya.

Tsopano za kulankhula. Yambani mwafufuza kuti mtengowo ndi wa yani. Kuno kwathu malo ambiri amayendera kuchikazi, ndipo bambo omwe mumawaona atakhala pamkeka pansi pa mango angathe kukhala mkamwini pamalopo, mtengo uli wobzala apongozi awo. Iwo angavomere pofuna kukusangalatsani, mawa lake mayi akunyumba kapena amalume a mbumbayo n'kukana. Ngati ndi a lendi, alibe mphamvu yodula ngakhale nthambi imodzi, ndiye apempheni akulumikizeni ndi eni nyumba. Inu ngati mayi muli ndi mwayi womwe amuna anu alibe. Mungathe kuyamba kuinong'oneza nkhaniyi kwa mayi akumeneko mukucheza pampopi kapena pobwereka sefa, kuti ikamadzafika kwa bambowo ikhale yoti anaimvapo kale. Onaninso malire, ngati puloti yanu ili ndi mabikoni. Mipanda yambiri sinamangidwe pamalire enieni, ndipo si zachilendo kupeza kuti ngalande yomwe munthu akudandaula inalowa phazi limodzi kwa mnzake.

Tsiku lokalankhula, pitani awiri ndi amuna anu, chakumadzulo dzuwa litapepa, bambowo ali okha kapena ndi akunyumba kwawo, osati pamaso pa alendo. Ngati ndi Asilamu, Lachisanu masana ndi nthawi ya kumzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadani si bwino kubweretsera munthu nkhani yolemera asanamasule. Musayankhule modutsa pampanda, musatume mwana, musalembe uthenga pafoni. Kwa munthu wachikulire zimenezo ndi chipongwe ngakhale mawu ake akhale abwino chotani. Pangani odi, khalani pansi, mufunsane za moyo, kenako amuna anu kapena inu munene motere:

"Bambo, tabwera ngati ana anu. Kwathuku kwatigwera kavuto, chipinda cha ana chikudontha, ndiye mmisiri atakwera wapeza kuti pali nthambi zingapo zomwe zikukhula malata. Mthunzi wa mtengowu nafenso timaudalira, sitikufuna ugwe ayi. Timati mukapeza mpata mudzaone nokha, mutithandize nzeru."

Taonani kuti m'mawu amenewa mulibe "mtengo wanu watiwonongera", mulibenso za ndalama. Tsiku loyamba cholinga chanu ndi chimodzi basi, chakuti abwere kwanu adzaime pansi pa denga lodonthalo ndi pa dzenje lomwe mwakumba lija. N'chifukwa chake ndinati muzu musaudule ndipo dzenje musalikwirire. Kumbukirani kuti mtengowo iwo amauonera mbali yawo, ndipo mwina sanaonepo momwe nthambi zagonera kwanu. Akabwera, perekani mpando ndi madzi akumwa, mmisiri wanu afotokoze, ndipo mbali yomwe ili yanu muivomere poyera: "Apa polumikizira ndife tinalakwitsa, tikonza tokha." Munthu wamkulu akaona kuti simukumukankhira zonse, nayenso amachita manyazi kukana zake.

Pempho lenileni likhale lowerengeka. Mangani kansalu pa nthambi zomwe mukufuna zichoke, kuti pasadzakhale zoti "tinagwirizana ziwiri, mwadula zisanu". Ine ndimalangiza kuti pakati pa denga ndi nthambi yapafupi pakhale mpata wa mita imodzi ndi theka kapena mamita 2, poti nthambi ya mango ikalemedwa ndi zipatso imatsika, mphepo ikabwera imagwedezeka. Mugwirizane wodula, tsiku, ndi wolipira. Kunena zoona, ngakhale mtengo ndi wawo, ndalama ya wodula nthambi ndi yochepa poyerekeza ndi ya lata limodzi, ndipo ngati bambowo alibe ntchito, kuilipira inu n'kwanzeru kuposa kudikira mvula ina. Nkhuni ndi mango za panthambi zodulidwazo ndi zawo, mukaziperekeze pakhomo pawo. Za nthawi nazo zimafuna kumvana. Ngati mukulankhula mango atayamba kale kukula, cha mu Seputembala kapena Okutobala, mwini wake angadandaule zipatso. Pamenepo gawani ntchito pawiri: zokhudza malata zichoke tsopano mvula isanayambe, zotsalazo zidulidwe akatha kuthyola mango cha mu Januwale.

Wodulayo mumuyang'anire, chifukwa ndaonapo nthambi ikuwononga malata ambiri tsiku loidula kuposa zaka zonse zomwe inakhala pamenepo. Nthambi yomwe ili pamwamba pa denga imangidwe chingwe chokolekedwa ku nthambi ina yapamwamba, idulidwe zidutswazidutswa kuyambira kunsonga, chidutswa chilichonse chizitsitsidwa ndi anthu ali pansi. Akafika pafupi ndi thunthu agwiritse sowo. Ayambe kucheka pansi pa nthambi pang'ono, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pathunthu, kenako acheke pamwamba chakutsogolo pang'ono mpaka igwe, pomaliza achotse kachitsa kotsalako osalowa m'thunthu. Akangotema pamwamba pokha, nthambi imagwa ikusenda khungwa la thunthu, chilondacho chimaola, ndipo mudzamva kuti munapha mtengo wa eni. Ngati nthambi zili pafupi ndi mawaya a magetsi, pasakwere munthu, kanenani ku ESCOM.

Mizu ndiyo imafuna kusamala koposa. Timizu ta m'payipi ndi ina yochepa kuposa mkono wa mwana mungathe kuidula popanda vuto. Koma muzu waukulu womwe uli pafupi ndi tsinde ndi womwe wagwira mtengo kuti usagwe. Yezani kunenepa kwa thunthu modutsa pakati, muchulukitse kasanu, ndipo m'kati mwa mtunda umenewo musadule muzu waukulu. Thunthu la masentimita 60 ndiye kuti mamita 3. Mukadula pafupi, mtengo umataya chogwirira cha mbali yanu, ndipo mphepo ya mvula yoyamba ikauzula ungagwere nyumba ya anebawo kapena yanu yomwe. Ngati ngalande yadutsa pafupi choncho, n'kwapafupi kuisuntha ngalandeyo kusiyana ndi kulimbana ndi muzu. Ndipo kungochotsa mizu m'payipi osakonza polowera n'kutaya nthawi, chaka chisanathe idzakhala itabwerera. Chidutswa chowonongekacho chichoke, polumikizira papakidwe guluu bwinobwino, muthiremo madzi muone ngati sipakuchucha, kenako mukwirire.

Nanga akakana? Malamulo ali kumbali yanu pang'ono, koma osati momwe amuna anu akuganizira. Mfundo zomwe makhoti athu amatsata pa nkhani zotere zinachokera ku malamulo a ku Mangalande omwe anayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1902. Mwachidule, nthambi kapena muzu womwe wadutsa malire mungaudule, koma kulekezera pamalire pomwepo, muli mbali yanu, ndipo zomwe mwadulazo ndi za mwini mtengo. Kulowa pabwalo pake popanda chilolezo, kusenda khungwa kuzungulira thunthu, kuthira mankhwala kapena oyilo pa tsinde kuti uume, kumeneko ndi kuwononga katundu wa mwini, ndipo wodandaula angasanduke woimbidwa mlandu. Onjezanipo kuti munthu woonedwa usiku akuzungulira mtengo wa mnzake, anthu samunena za denga, amamunena zina. Ngati mtengo wovutawo ndi wachilengedwe, monga mlambe kapena msangu, funsani kaye ku ofesi ya zankhalango ya boma musanaganize zougwetsa.

Choncho akakana ulendo woyamba, siyani padutse sabata imodzi kapena ziwiri, mupitenso ndi munthu yemwe iwo amamulemekeza, kaya shehe, mkulu wa mpingo, kapena mnzawo wa msinkhu wawo. Zikakanika, kawauzeni nokha kuti mukukapempha amfumu a dera lanu kuti adzakuthandizeni nonse, asadzidzimuke ndi uthenga woitanidwa. Kwa amfumu tengani zithunzi zija ndi mmisiri, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe papepala, nonse musaine, aliyense asunge lake. Pepala limeneli, kapena kalata yokhala ndi tsiku yomwe munawadziwitsa za vutoli, ndi lomwe lidzagwire ntchito mukadzafika ku khonsolo kapena kubwalo la majisitireti, chifukwa funso lalikulu kumeneko limakhala lakuti mwini mtengo anadziwa liti ndipo atadziwa anachitapo chiyani. Sungani malisiti a malata, misomali, payipi ndi malipiro a mmisiri.

Pomwe zokambiranazi zikuyenda, chipinda cha ana chisadikire. Masamba a m'gata achotsedwe sabata ino, misomali yodzuka ikhomedwenso kapena asinthe ndi ina yokhala ndi mphira, mabowo ang'onoang'ono amatidwe ndi phula la padenga. Koma lata lokhulika lija musalisinthe nthambi isanachoke, ndipo mukalichotsa musalitaye. Liimikeni kuseri kwa nyumba mpaka anebawo ataliona.